Fielder kapena X-Trail: mmene tinawerengera mtengo wonse wa galimoto kwa zaka zisanu

Ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama a mabizinesi ang'onoang'ono muno mu Lilongwe. Mu Juni 2024, mayi wina amene ndakhala ndikumusungira mabuku kwa zaka zinayi anabwera ku ofesi ndi amuna awo. Ali ndi sitolo yogulitsa mbewu, mankhwala a mbewu ndi zipangizo za ulimi m'tauni, ndipo amaperekanso katundu kwa ogulitsa ang'onoang'ono cha ku Mitundu, Namitete ndi Nkhoma. Galimoto yawo yakale inali itatopa, ndipo atazungulira m'malo ogulitsira magalimoto kwa mwezi wathunthu, anatsala ndi ziwiri zomwe zinawagwira mtima.

Yoyamba inali Toyota Corolla Fielder ya 2014, injini ya 1500, itayenda makilomita 96,000, mtengo K18.5 miliyoni. Yachiwiri inali Nissan X-Trail ya 2010, injini ya 2000, yokoka ndi matayala onse anayi, itayenda makilomita 138,000, mtengo K14 miliyoni. M'thumba munali K14 miliyoni yeniyeniyo. Bambo ankafuna X-Trail, ndipo mfundo yawo inali yomveka: ndi yaikulu, ndi yokwera pansi, ndi yotsika mtengo ndi K4.5 miliyoni, komanso sifunika ngongole. Mayi sankatsutsa mokweza, koma anali atamva kwa anzawo kuti galimoto zazikulu zotsika mtengo zimadyera mwini wake m'tsogolo.

"Achimwene, inu mumadziwa manambala," anatero mayi. "Tiuzeni yomwe itipweteke pang'ono."

Ndinawauza kuti sindine makaniko, ndipo sindingawauze galimoto yabwino. Chomwe ndingachite ndi kuika pa pepala limodzi ndalama zonse zomwe galimoto iliyonse idzawatulutsa kuyambira tsiku logula mpaka tsiku logulitsa, patatha zaka zisanu. Zinatitengera masabata awiri, ndipo nthawi yambiri inathera pa kusaka manambala oona. Tebulo lenilenilo ndinalemba madzulo amodzi.

Makilomita angati pa chaka?

Funso loyamba linali la mtunda, chifukwa mafuta, sevisi ndi matayala zonse zimatsatira mtunda. Bambo anayankha mosazengereza kuti amayenda makilomita 1,000 pa mwezi. Anthu ambiri amatchula nambala yomweyo chifukwa ndi yosavuta kunena. Mwamwayi, malisiti a kugalaja anali m'mabuku omwe ndimasunga, ndipo makaniko wawo amalemba makilomita pa lisiti lililonse la sevisi. Nditatenga lisiti la Meyi 2023 ndi la Meyi 2024, kusiyana kwake kunali pafupifupi makilomita 18,000. Ndiye kuti 1,500 pa mwezi, osati 1,000. Maulendo a kusukulu kwa ana, a kutchalitchi, a kumaliro kumudzi, munthu sawawerenga m'mutu, koma galimoto imawawerenga. Tinagwirizana pa makilomita 90,000 kwa zaka zisanu.

Kenako kamwedwe ka mafuta. Wogulitsa aliyense amalumbira kuti galimoto yake imangonunkhiza mafuta, choncho tinapempha kuti tiyese tokha, mafuta ogula ife. Njira yake ndi yachidule: kudzaza thanki mpaka mpope udzime wokha, kubweza kowerengera makilomita a ulendo pa ziro, kuyenda, kenako kubwerera pa mpope womwewo ndi kudzazanso. Malita omwe alowa kachiwiriko ndi omwe galimoto yamwa. Tinayenda pang'ono m'tauni nthawi ya m'mawa pomwe msewu umadzaza, kenako tinalowa msewu wa ku Mchinji mpaka ku Namitete ndi kubwerako, makilomita 126 onse pamodzi. Fielder inamwa malita 9. Tsiku lotsatira X-Trail inamwa malita 14 pa njira yomweyo, woyendetsa yemweyo. Ndiye kuti Fielder imayenda makilomita 14 pa lita, X-Trail makilomita 9.

Ulendo umodzi sungakhale umboni wokwanira, chifukwa theka la lita likhoza kusokera pa kadzazidwe ka thanki. Ndinafunsako anthu awiri a Fielder ndi awiri a X-Trail omwe makaniko anandilozera, ndipo zomwe ananena sizinatalikirane ndi zathuzi.

Pa makilomita 90,000, Fielder ikufuna malita pafupifupi 6,430, pomwe X-Trail ikufuna 10,000. Petulo nthawi imeneyo anali pa K2,530 pa lita, mtengo womwe bungwe la MERA linaika mu Novembala 2023. Mafuta okha ndiye K16.3 miliyoni kwa Fielder ndi K25.3 miliyoni kwa X-Trail. Bambo anayang'ana nambala yachiwiriyo kwa kanthawi, kenako anandifunsa ngati sindinaphonye ziro. Mafuta a zaka zisanu anali oposa mtengo wa galimotoyo pafupifupi kawiri.

Mkangano wa mtengo wogulitsira

Apa ndi pomwe tinakhalitsa, ndipo ndi pomwe matebulo ambiri omwe anthu amandionetsa amasokonekera. Galimoto ikatha zaka zisanu imakhala idakali ndi mtengo, ndipo mtengowo uyenera kuchotsedwa pa zonse zomwe mwawononga. Vuto ndi kudziwa kuti mtengowo ndi zingati.

Bambo anali ndi nkhani yawo. Mng'ono wawo anagula Vitz mu 2019 pa K3 miliyoni, waiyendetsa zaka zisanu, ndipo waigulitsa pa K6 miliyoni. "Kuno galimoto siitsika mtengo, achimwene. Imakwera. Lembani kuti X-Trail tidzagulitsa K25 miliyoni."

Nkhani ya mng'onoyo ndi yoona, ndipo aliyense mu Lilongwe ali ndi ina yofanana nayo. Koma chomwe chinakwera si Vitz ija. Kwacha ndi yomwe inagwa. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu 2019 dola imodzi inali cha m'ma K740, choncho K3 miliyoni ija inali madola pafupifupi 4,000. Mu 2024 dola kubanki inali cha m'ma K1,750, ndipo K6 miliyoni inali madola 3,400 okha, ndipo pa mtengo wa mumsewu inali yocheperapo ndithu. Ndinawafunsa ngati mng'ono wawoyo akanatha kugula Vitz ina yonga yomwe anagula mu 2019 ndi K6 miliyoni yomwe analandira. Anaseka n'kuvomera kuti anachita kuwonjezera zambiri.

Ndiyenera kuvomereza kuti inenso ndinatsala pang'ono kugwera m'dzenje lomwelo, kungoti cha mbali ina. Pa pepala langa loyamba ndinakweza mtengo wa petulo chaka ndi chaka ndi 20 peresenti, poganizira kukwera kwa mitengo, koma sevisi ndi matayala ndinazisiya pa mitengo ya lero, ndipo mtengo wogulitsira ndinangoutenga theka la wogulira. Tebulolo linkaoneka laukatswiri, koma linali kuphatikiza makwacha a 2024 ndi makwacha a 2029 ngati kuti ndi ndalama imodzi. Ndinaling'amba. Palibe amene angakuuzeni mtengo wa petulo wa 2028, ndipo mukayamba kulosera, mumapeza yankho lomwe mukufuna pongosintha peresentiyo.

Lamulo lomwe tinatsatira ndi ili: chilichonse chilembedwe pa mitengo ya lero, kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza. Kwa mtengo wogulitsira, funso limakhala lakuti, galimoto yamtundu womwewu koma yakale ndi zaka zisanu, yoyenda makilomita 90,000 owonjezera, ikugulitsidwa zingati lero lino? Yankho lake silifuna ulosi, limangofuna miyendo. Tinayenda m'malo ogulitsira ndi kuyang'ana zomwe anthu amatsatsa pa lamya, kufunafuna Fielder za 2009 ndi X-Trail za 2005. Tinatenga mitengo yomwe ogulitsa amavomera mukanenerera, osati yomwe amayambira. Fielder za 2009 zinali cha m'ma K11.5 miliyoni, X-Trail za 2005 cha m'ma K7 miliyoni.

Njirayi ili ndi chilema chake. Fielder ya 2009 ndi ya mtundu wam'mbuyo, chifukwa thupi latsopano linayamba mu 2012, ndipo X-Trail ya 2005 nayonso ndi ya mtundu woyamba, womwe unasinthidwa mu 2007. Sitinali kufananitsa mapasa enieni. Komabe chilemacho chinali mbali zonse ziwiri, ndipo chithunzi chinali choonekeratu: Fielder imataya K7 miliyoni pa K18.5 miliyoni, X-Trail imatayanso K7 miliyoni pa K14 miliyoni. Mwa kulankhula kwina, K4.5 miliyoni yomwe bambo ankaiona ngati yopulumutsa pogula, imabwerera yonse tsiku logulitsa. Wogulitsa wina anawonjezera mfundo yomwe siilowa m'tebulo, kuti Fielder siigona sabata pamalo pake chifukwa a mataxi ndi a mabizinesi amailimbirana, pomwe X-Trail yakale imatha miyezi ikuwombedwa dzuwa.

Zakugalaja

Mizere ya kugalaja ndinaidzaza ndi makaniko wa banjali, bambo wachikulire yemwe wakhala akukonza galimoto zochokera ku Japan kwa zaka zambiri. Anaziona zonse ziwiri pa dzenje tisanalembe kanthu. Fielder inkafuna batire, oyilo wa injini ndi wa giyabokosi, ndipo pamodzi ndi kusintha umwini pa bulubuku zinakwana K500,000. X-Trail inkafuna matayala onse anayi nthawi yomweyo, mabushi akutsogolo ndi maoyilo omwewo, zonse K1.4 miliyoni. Ndalama zimenezi anthu saziwerenga ngati mbali ya mtengo wogulira, chonsecho zimatuluka sabata yoyamba yomweyo.

Sevisi makanikoyo amachita pa makilomita 5,000 aliwonse chifukwa cha fumbi la misewu yathu, ndiye masevisi 18 pa zaka zisanu, K80,000 iliyonse kwa Fielder ndi K95,000 kwa X-Trail. Kusiyana kwake n'kochepa. Matayala ndi omwe amasiyana kwambiri. Fielder imavala 175/65R15, omwe tinawapeza pa K95,000 limodzi, ndipo X-Trail imavala 215/65R16 pa K170,000. Tinawerengera kuti tayala labwino limatha makilomita 40,000, choncho galimoto iliyonse idzasintha matayala onse kawiri. Za mashoko, mabuleki, mabushi, batire lina ndi tina totero, makaniko anayerekeza K1.8 miliyoni ndi K3 miliyoni, potengera msinkhu wa galimoto ndi mitengo ya masipeya yomwe amagula iye mwini.

Giyabokosi tinaipatsa mzere wakewake. Galimoto zonse ziwiri zili ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT, yomwe ikafa kawirikawiri siikonzedwa kuno, imangosinthidwa ndi ina yogwirapo kale ntchito. Ikhoza kufa, ikhozanso kusafa, ndiye mumalemba zingati? Kulemba mtengo wonse ndi kuipondereza galimoto, kulemba ziro ndi kudzinamiza. Ndinafunsa makaniko motere: "Madala, pa X-Trail khumi za msinkhu uwu zomwe mumaziona, ndi zingati zimasintha giyabokosi zisanafike makilomita 230,000?" Anati theka. Pa Fielder anati ziwiri pa khumi. Awa ndi maganizo a munthu mmodzi wa galaja imodzi, osati kafukufuku, ndipo ndinawalemba m'mphepete mwa tebulo monga choncho. Giyabokosi ya X-Trail pamodzi ndi kuika inali K2.4 miliyoni, theka lake K1.2 miliyoni. Ya Fielder inali K1.5 miliyoni, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi K300,000. Ndinawachenjeza kuti tsiku lomwe giyabokosi idzafe sadzalipira theka, adzalipira yonse, choncho ndalamayo iyenera kukhala penapake.

Inshulansi anasankha yoteteza zonse, chifukwa galimotoyo ndiyo miyendo ya bizinesi. Kampani yomwe anafunsa inawauza 6 peresenti ya mtengo wa galimoto pa chaka. Popeza mtengowo umatsika, ndinatenga wapakati pa wogulira ndi wogulitsira, K15 miliyoni kwa Fielder ndi K10.5 miliyoni kwa X-Trail. Mzere uwu X-Trail inapambana. Chiphaso cha COF ndi zolipira pa zipata za pamsewu monga cha Kalinyeke ku Dedza tinaziika K500,000 mbali zonse, popeza sizisintha kanthu pa kusankha.

Mizere iwiri yomwe bambo anaumirira

Nditawaonetsa zomwe ndinali nazo pofika apa, Fielder inali patsogolo ndi ndalama zoposa K11 miliyoni. Bambo sanakhutire, ndipo anali ndi zifukwa ziwiri zomwe zinali zoona.

Choyamba, ndalama ya Fielder panalibe. Pankafunika ngongole ya K4.5 miliyoni, ndipo mu 2024 ngongole inali yowawa, chifukwa Banki Yaikulu ya Malawi inali itaika chiwongola dzanja chake pa 26 peresenti ndipo mabanki ankawonjezera pamenepo. Banki yawo inawauza 33 peresenti, kubweza pa zaka ziwiri. Ndiye K259,000 pa mwezi, ndipo chiwongola dzanja chonse K1.7 miliyoni. Kunena zoona, pa tebulo la mitengo ya lero nambalayi ndi yokulirapo kuposa yoyenera, chifukwa ngongole imabwezedwa ndi makwacha omwe akunka nachepa mphamvu. Ndinaisiya choncho dala. Pomwe ndikukayika, ndimakonda kulemetsa galimoto yomwe ikutsogola, kuti ikapambana ipambane mosasiya mkangano.

Chachiwiri chinali matope. "Disembala ndi Januwale ndi pomwe alimi amagula mbewu ndi mankhwala," anatero bambo. "Fielder yanuyo mukaitula kuti mvula ikagwa kuseri kwa Mitundu? Tidzainyamula pamutu?"

Funso limeneli ndi lomwe linapanga tebulo kukhala la banjali, osati la wina aliyense. Galimoto ziwirizi sizigwira ntchito yofanana, ndipo kuzifananitsa osawerengera zimenezo n'kubera. Njira yake ndi kuika mtengo pa ntchito yomwe galimoto yaing'ono singathe. Mayi anatulutsa kabuku kawo koperekera katundu, ndipo tinawerenga limodzi masiku a nyengo ya dzinja yapitayo omwe anapita kumalo komwe galimoto yotsika siikanadutsa. Bambo ankati ndi masiku makumi awiri kapena kuposa. Kabuku kanaonetsa asanu ndi atatu. Maulendo ena onse anali pa tala kapena pa misewu yafumbi yosamalidwa. Kubwereka pikapu yokoka ndi matayala anayi, pamodzi ndi dalaivala ndi mafuta owonjezera, kunali K120,000 pa tsiku. Masiku 8 pa chaka kwa zaka zisanu ndi K4.8 miliyoni, ndipo yonseyo tinaisenzetsa Fielder.

Tebulo

Manambala onse ali m'mamiliyoni a kwacha, pa mitengo ya Juni 2024, kwa zaka zisanu ndi makilomita 90,000.

| Chinthu | Fielder 2014 | X-Trail 2010 |
|---|---|---|
| Mtengo wogulira | 18.5 | 14.0 |
| Zokonza poyamba ndi kusintha umwini | 0.5 | 1.4 |
| Mafuta | 16.3 | 25.3 |
| Sevisi | 1.4 | 1.7 |
| Matayala | 0.8 | 1.4 |
| Inshulansi | 4.5 | 3.2 |
| COF ndi zipata za pamsewu | 0.5 | 0.5 |
| Mashoko, mabuleki ndi zina zotha | 1.8 | 3.0 |
| Chiopsezo cha giyabokosi | 0.3 | 1.2 |
| Chiwongola dzanja | 1.7 | 0 |
| Kubwereka pikapu nthawi ya matope | 4.8 | 0 |
| Kuchotsa mtengo wogulitsira | 11.5 | 7.0 |
| Zonse pamodzi | 39.6 | 44.7 |

Ine ndinalemba pa kompyuta, koma pepala la mizere ndi kakyuleta ya pa lamya zikukwana. Kwa amene akugwiritsa ntchito Excel, mizere khumi ndi umodzi yoyambayo imaphatikizidwa ndipo wa khumi ndi chiwiri umachotsedwa:

```
=SUM(B2:B12)-B13
```

Fielder inatsika ndi K5.1 miliyoni. Mamiliyoni sagwira mtima wa munthu wa sitolo, choncho ndinawagawa. Pa mwezi, Fielder imadya K660,000 ndipo X-Trail K745,000. Pa kilomita, K440 ndi K497. Mayi anadabwa kwambiri ndi nambala ya pa kilomita kuposa kusiyana kwa magalimotowo, chifukwa popereka katundu ankalipiritsa makasitomala mtengo wa mafuta okha, womwe pa Fielder ndi K180 pa kilomita. Anazindikira kuti ulendo uliwonse wa ku Nkhoma sitolo ndiyo inkalipira zotsalazo mosadziwa.

Kugwedeza tebulo

Kusiyana kwa K5.1 miliyoni pa ndalama za m'ma K40 miliyoni si kwakukulu moti munthu angagone nako tulo. Manambala angapo m'tebulomo ndi ongoyerekeza. Choncho ndisanapereke ganizo langa, ndinasintha manambala mmodzimmodzi kuti ndione kuti ndi iti yomwe ingatembenuze yankho.

Mizere ing'onoing'ono siingathe. Ngakhale sevisi ya Fielder itakwera kawiri, ngakhale giyabokosi ya X-Trail itapanda kufa, Fielder ikadali patsogolo. Anthu amataya nthawi kukangana za mtengo wa fyuluta pomwe yankho lagona pa mizere ina.

Mtunda ukhoza kuligwedeza. Zikanakhala kuti bambo ankanena zoona, kuti amayenda makilomita 1,000 pa mwezi, kusiyana kwa mafuta kukanatsika kuchoka pa K9 miliyoni kufika pa K6 miliyoni, ndipo zakugalaja zikanachepanso. Magalimotowo akanasiyana ndi K2 miliyoni kapena kucheperapo, ndipo pamenepo ndikanawauza kuti agule yomwe mtima wawo wakonda. Malisiti awiri aja a kugalaja anali ndi mphamvu kuposa china chilichonse chomwe ndinachita.

Mtengo wa petulo umakankhira mbali imodzi yokha. X-Trail imamwa malita 3,570 kuposa Fielder pa zaka zisanu, choncho K100 iliyonse yowonjezera pa lita imaikulitsira mtolo ndi K357,000. Panalibe mwa ife amene ankayembekezera kuti petulo atsika.

Matope ndi omwe akanatha kutembenuza zonse. Tsiku limodzi lobwereka pikapu pa chaka ndi K600,000 pa zaka zisanu. Popanda mzere umenewu Fielder ili patsogolo ndi K9.9 miliyoni, ndipo mukagawa ndalamayi ndi K600,000 mumapeza masiku 16 ndi theka. Ndiye malire ake ndi amenewo: masiku a matope akafika 17 pa chaka, X-Trail ndiyo yotsika mtengo. Ndinawauza kuti funso lomwe latsala si la magalimoto, ndi la bizinesi yawo. Ngati akufuna kukulitsa malonda kumidzi yakutali m'zaka zikubwerazi, atenge X-Trail kapena afunefune pikapu. Ngati apitiriza mmene akuchitiramu, atenge Fielder.

Pali zomwe sindinazipatse mtengo, ndipo ndinazitchula poyera. Pikapu yobwereka siipezeka nthawi zonse pa tsiku lomwe mukuifuna, makamaka mu Disembala pomwe aliyense akuisaka. X-Trail ikakhala kugalaja kudikira sipeya, sitolo imataya malonda. Komanso bambo ankaifuna galimoto yaikuluyo pa zifukwa zomwe si za ndalama, ndipo munthu ali ndi ufulu wolipira K85,000 pa mwezi kuti akwere chomwe akonda, bola adziwe kuti akulipira.

Anapita kukakambirana kunyumba. Patatha masiku atatu mayi anandiimbira kuti atenga Fielder, ndipo bambo apempha kuti aikidwe chitsulo choteteza pansi pa injini.

Patatha chaka ndi miyezi ingapo

Popeza mabuku ndimasunga ndine, ndatha kuyerekeza tebulo ndi zomwe zinachitikadi. Chaka choyamba anayenda makilomita 18,400, pafupi kwambiri ndi zomwe tinalemba. Mafuta ndi omwe tinaphonya. Tsiku loyesa lija m'galimoto munali anthu atatu opanda katundu, pomwe pa ntchito yeniyeni Fielder imanyamula matumba a mbewu ndi makatoni a mankhwala. Ikuyenda makilomita 13 pa lita, osati 14, ndipo pa zaka zisanu zimenezi zikuwonjezera K1.2 miliyoni. Tikadaika matumba anayi kumbuyo poyesa, tikadaliona. Masiku obwereka pikapu anakwana 11, osati 8, chifukwa anapeza makasitomala awiri atsopano kumalo ovuta, ndipo zikapitirira choncho ndi K1.8 miliyoni ina. Mashoko akumbuyo anatha msanga kuposa mmene makaniko ananenera, chifukwa cha katundu yemweyo.

Zinthu ziwiri zoyambazo zinadya K3 miliyoni pa K5.1 miliyoni ija, ngakhale kuti X-Trail nayonso ikanamwa kwambiri itasenza katundu. Kenako mu Okutobala 2025 petulo anakwera kuchoka pa K2,530 kufika pa K3,499, ndipo pa miyezi 45 yotsalayo kukwerako kukanalemetsa X-Trail ndi ndalama zoposa K2 miliyoni kuposa Fielder. Koma mwini pikapu nayenso wakweza mtengo wake, matayala akwera, ndipo kusintha mzere umodzi n'kusiya inayo ndi kulakwitsa komwe ndinang'ambira pepala loyamba lija. Ndawapempha kuti asonkhanitse mitengo yatsopano ya mizere yonse kuti tilembenso tebulo pa mitengo ya tsiku limodzi, ndipo mayi akulemba chizindikiro m'kabuku kawo pa tsiku lililonse lomwe abwereka pikapu. Bambo akuwerenga nawo zizindikirozo mwachidwi, kudikira kuti zifike 17.